Lata Lowala Silikhomedwa Ngati Lachitsulo

Magetsi akathima masana mu shopu ya matelala yofoleredwa ndi malata, ntchito imaima. Windo lili kutsogolo kokha, kumbuyo ndi m'mbali kuli makoma a anzawo, ndipo ulusi wakuda pansalu yakuda suoneka ngakhale panja dzuwa likuswa mtengo. Vuto lomweli lili m'zigayo, m'magalaja, mosungira katundu ndiponso m'makalasi ambiri. Mankhwala ake anthu akuwadziwa: kuzula lata limodzi kapena awiri n'kuikapo malata owala, aja apulasitiki olowetsa kuwala kwa dzuwa.

Mwezi woyamba aliyense amayamikira. Koma pakapita dzinja limodzi kapena awiri, madenga ambiri otere amakhala ataikidwa zigamba za phula, pansi patatcheredwa beseni, ndipo mu Okutobala amene amakhala kunsi kwa latalo amasuntha mpando chifukwa cha kutentha. Mwini nyumba amati anagula lata lachinyengo. Nthawi zina amanena zoona, koma kawirikawiri vuto limakhala lakuti lata lapulasitiki lakhomedwa ndi manja ozolowera chitsulo.

Malata owala ali mitundumitundu. Alipo akale a ulusi wagalasi, amene akakalamba amachita chikasu ndipo tiulusi take timayamba kuonekera pamwamba. Alipo a PVC, otsika mtengo koma osachedwa kuuma n'kusweka padzuwa ngati lathuli. Olimba kuposa onsewa ndi a polikaboneti, pulasitiki imene inatulukiridwa m'chaka cha 1953 ndi akatswiri awiri amene sankagwira ntchito limodzi, Hermann Schnell wa kampani ya Bayer ku Germany ndi Daniel Fox wa General Electric ku Amereka. Pulasitiki imeneyi imapirira nkhonya, mwala, ngakhale matalala. Chodabwitsa n'chakuti chinthu chosasweka ndi hamalachi chimang'aluka ndi msomali umodzi wokhomedwa molakwika.

Chifukwa chake n'chakuti latali limayenda. Chinthu chilichonse chikatenthedwa chimatalika pang'ono, chikazizidwa n'kufupikanso, koma polikaboneti amachita zimenezi kuposa chitsulo kasanu ndi kupitirira. Pa mita imodzi iliyonse, kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, amatalika ndi mamilimita 0.065. Nambalayi ikuoneka yopanda pake mpaka munthu ataiwerengera padenga lenileni. M'bandakucha wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu denga likhoza kutsika kufika madigiri 10, pamene masana a mu Okutobala lata lokhudzana ndi chitsulo chotentha likhoza kufika madigiri 60. Kusiyana kumeneku, kwa madigiri 50, kumachititsa lata la mamita atatu kutalika ndi pafupifupi sentimita yathunthu, pamene lachitsulo loyandikana nalo silikwanitsa n'komwe mamilimita awiri. Amene anakhalapo pansi pa denga lotere amadziwa kaphokoso ka "tha! tha!" kamene kamamveka dzuwa likamakwera ndiponso likamalowa. Limakhala latalo likudzikoka pamisomali yake.

Tsono kalipentala akatenga msomali wa malata n'kuukhoma ndi hamala, monga achitira tsiku ndi tsiku, bowo limakhala lofanana ndendende ndi msomaliwo, m'mphepete mwake mutang'ambikang'ambika kale. Lata likafuna kutalika limapeza lamangidwa. Masana limatukumuka pakati pa matabwa, usiku limadzikoka, ndipo tsiku lililonse mphamvu yonseyo imathera pabowo paja. Mapeto ake ndi ming'alu yotuluka pamsomali kupita mbali zonse. Mng'alu wooneka choncho umaulula wokha chimene chinachitika.

Kakhomedwe koyenera kamayamba ndi dirilo. Bowo lililonse limabooledwa kaye, ndipo liyenera kukula kuposa sikuluwu yake ndi mamilimita atatu kapena anayi: sikuluwu ya mamilimita 6 imafuna bowo la mamilimita 10. Amisiri ambiri amakana poyamba, amati, "Bwana, bowo lalikulu chonchi silidontha?" Silidontha, chifukwa chotseka madzi si kuthina kwa bowo koma kamphira kotambalala kamene kamakhala kunsi kwa mutu wa sikuluwu, kokula pafupifupi mamilimita 25. Kamphirako kamavundikira bowo lonse, lata n'kumasuntha kunsi kwake mwaufulu. Sikuluwu iyenera kulowa choongoka, pakatikati pa bowo, osatsamira mbali imodzi, ndipo bowo lisayandikire m'mphepete mwa lata kuposa masentimita anayi kapena asanu. Malo ake ndi pamsana pa mzere, osati m'ngalande mmene mumayenda madzi.

Pomanga sikuluwu ndi pamene dzanja la mmisiri limadziwikira. Imamangidwa mpaka kamphira katangokhala bwino palata, basi. Ngati pulasitiki yabonyoka mozungulira mutu, kapena kamphira kaphwanyika n'kutulukira m'mbali, sikuluwuyo yapitirira ndipo iyenera kubwezedwa pang'ono. Dirilo yamagetsi imapitirira mosavuta, n'chifukwa chake amisiri osamala amamaliza ndi sipanala yapamanja.

Mphira wake nayenso ali ndi nkhani. Wofunika ndi umene papaketi amalemba kuti EPDM. Timphira tofewa ta PVC, timene timabwera ndi misomali ina yotsika mtengo, tili ndi mafuta ofewetsera amene amalowerera mu polikaboneti n'kumufooketsa pamalo pomwe wapanikizika kale. Apa ndi pamene pali kufooka kwachiwiri kwa pulasitiki imeneyi: imaopa mankhwala. Thina, petulo, parafini ndi phula zonse zimaiwononga, ndipo chizindikiro chake ndi timing'alu ting'onoting'ono tambirimbiri tochita mbuu pamalo amene mankhwalawo anakhudza. Kuno kwathu pali chizolowezi chopaka matabwa a denga oyilo wakuda wa galimoto poteteza chiswe. Lata lachitsulo silidandaula nazo, koma lowala likagona pathabwa lonyowa oyilo limayamba kuwonongeka pamzere womwewo. Thabwa limene lata lowala likhalepo likhale louma ndi loyera, ndipo kulipaka penti yoyera pamwamba, n'kudikira kuti iume bwinobwino, kumathandiza kawiri: kumalekanitsa pulasitiki ndi mankhwala a m'thabwa, komanso thabwa loyera silitentha ngati lakuda dzuwa likamaliomba kudzera m'latamo. Silikoni nayenso si aliyense. Uja wonunkha ngati viniga akamauma si woyenera. Wofunika ndi wosanunkha asidi, amene pabotolo palembedwa kuti amagwirizana ndi polikaboneti.

Pali cholakwika china chimene chimachitika mwakachetechete, n'kudzaoneka patapita zaka. Polikaboneti payekha sapirira cheza cha dzuwa chotchedwa UV. Amachita chikasu n'kuuma. Opanga amamuika kansalu koteteza kopyapyala kwambiri, ndipo pamalata ambiri kamakhala mbali imodzi yokha. Ndi maso, mbali ziwirizo sizisiyana. Chosiyanitsa ndi pepala lapulasitiki lomatidwa pamwamba kapena zilembo za m'mphepete mwa lata. Wothandizira mmisiri akamatula pepalalo pansi, lata n'kudulidwa, palibenso amene angadziwe mbali yoyang'ana kumwamba. Njira yake n'njophweka: kulemba chizindikiro ndi choko kapena kumata katepi mbali yotetezedwayo lata lisanadulidwe, ndipo pepalalo lichotsedwe lata likangokhomedwa. Likasiyidwa padzuwa kwa masabata limaphikika n'kukanirira, ndipo pamenepo munthu amathamangira thina kuti alichotse, n'kuwonongeratu latalo. Pogula, lata lopanda chilembo chilichonse chonena za UV ndi loyenera kulikayikira, ngakhale mtengo wake ukhale wokoma chotani.

Za kudontha, zambiri zimayambira kusitolo. Malata ali ndi mizere yosiyana: awamba a mizere yozungulira, ndi a IBR a mizere ya makona, amene lata limodzi limafolera mamilimita 686 m'lifupi. Ngakhale a dzina limodzi amasiyana pang'ono malinga ndi fakitale. Lata lowala losagwirizana mizere ndi anzake limasiya mipata, ndipo mmisiri akalikakamiza ndi masikuluwu kuti likhale pansi amakhala wabzala ming'alu ya m'tsogolo. Wanzeru amapita kusitolo atanyamula kachidutswa ka lata la padenga lake n'kukayesa pomwepo.

Polumikiza, madzi ayenera kupeza njira yotsetsereka yokhayokha. Kumtunda, lata lowala limalowa kunsi kwa lachitsulo. Kumunsi limakhala pamwamba pa linzake. Kupitana kwake kukhale masentimita 20, ndipo padenga logona kwambiri kufike 30, chifukwa mphepo ya mkuntho imakankhira madzi chokwera pakati pa malata awiri. Malo olumikizirawo agwere pathabwa, asalendewere m'malere. M'mbali, malata a mizere yozungulira apitane mizere iwiri, pakamwa pa mlumikizo patafulatira kumene mvula imakonda kuchokera. Denga lenilenilo lisagone kuposa madigiri 5, kutanthauza kutsika masentimita 9 pa mita iliyonse, ndipo madigiri 10 ndiye abwino. Ngati n'kotheka, lata lowala liyambire pamsonga penipeni, kunsi kwa liji, pakuti pamenepo palibe madzi ambiri ochokera kumtunda odzadutsa pamlumikizo. Komanso popeza ndi lofewa kuposa chitsulo, limafuna matabwa oyandikana. Pamene matabwa atalikirana kupitirira mita imodzi, ndi bwino kuwonjezera lina pakati, apo ayi lata limagwa mimba n'kutsegula mlumikizo wa m'mbali.

Si dontho lililonse limene lili la mvula. M'nyengo yozizira, m'khitchini kapena m'chipinda chogona anthu ambiri, nthunzi imakwera usiku n'kusanduka madzi kunsi kwa lata lozizira, ndipo m'mawa imadontha kunja kulibe ngakhale mtambo. Ambiri amakwera padenga ndi silikoni kukasaka bowo limene kulibe. Madzi oterewa amafuna potulukira mpweya. Vutoli limaonekera bwino pamalata ena a polikaboneti, athyathyathya okhala ndi timipata m'kati mwake, ofala pamakhonde ndi poimika galimoto. Timipatato tiyenera kutsata kutsetsereka kwa denga. Kumtunda kumatsekedwa ndi tepi ya aluminiyamu yosalowa madzi, kumunsi ndi tepi yopumira imene imatulutsa chinyezi koma n'kutsekereza fumbi ndi tizilombo. Akasiyidwa pululu, m'kati mumamera ndere zobiriwira zimene palibe angazichape.

Chovuta kwambiri kukonza denga litatha ndi kutentha, chifukwa chimachokera ku chisankho chimene chinapangidwa kale pogula. Dziko la Malawi lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka; ku Lilongwe zimachitika chakumapeto kwa Okutobala ndiponso mu Febuluwale. Masana opanda mitambo, malo okwana mita imodzi m'litali ndi m'lifupi amalandira mphamvu ya dzuwa pafupifupi mawati 1,000. Lata loonekera mbee ngati galasi limalowetsa pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse a kuwala, ndipo kutentha kochuluka kumalowa nako limodzi.

Tiyerekeze shopu ya matelala ya mamita 6 m'lifupi ndi 8 m'litali, yopanda siling'i, yofoleredwa ndi IBR. Pansi pake ndi masikweya mita 48. Mwini wake, atatopa ndi mdima, akuganiza zoika malata anayi oonekera mbee a mamita atatu. Lililonse ndi masikweya mita awiri, onse pamodzi 8. Masana a mu Okutobala malata amenewa adzalowetsa kutentha kwa pafupifupi mawati 7,000, ngati kuyatsa maketulo amagetsi atatu kapena anayi m'chipindamo osawazimitsa. Kuwalako kudzagwa ngati mabanga anayi othobwa m'maso oyendayenda pansi, pamene m'makona mudzaoneka mdima kuposa kale chifukwa maso adzakhala atazolowera kuwala kwa mabangawo. Nsalu za makasitomala zopachikidwa pamenepo zidzatenthedwa tsiku lonse.

Shopu yomweyo ingawale bwino ndi zochepa kwambiri. Kumadera otentha, malo owala okwana magawo 5 pa 100 a pansi pa chipinda amakwanira ntchito zambiri, ndipo apa ndi masikweya mita awiri ndi theka basi. Tizidutswa tiwiri, chilichonse choonekera mita 1.8, tikwanira. Ngati matabwa atalikirana masentimita 90, chidutswa chilichonse chidutsa mipata iwiri, ndipo pogula awonjezere masentimita 20 kumtunda ndi kumunsi opitanirana. Mtundu wake ukhale woyera ngati mkaka, umene umalowetsa pafupifupi theka la kuwala koma n'kukumwaza mbali zonse. Kutentha kolowa kumatsika kufika cha m'ma 1,300, kuchoka pa 7,000 paja, ndipo kuwala kumafika m'makona popanda mithunzi yakuthwa, kumene ndiye telala amafuna polowetsa ulusi m'singano. Tizidutswato tisaikidwe pamodzi. China chikhale chakutsogolo, china chakumbuyo, pamwamba pa njira yodutsa anthu osati paliwombo pa munthu wokhala pamakina tsiku lonse. Palinso phindu lina: chidutswa chachifupi chimayenda pang'ono, mamilimita 6 kapena 7 okha, ndiye mabowo ake sagwira ntchito yaikulu.

Ambiri amakopeka ndi malata abuluu kapena obiriwira poganiza kuti ndi ozizira. Amachepetsadi kuwala, koma amasintha maonekedwe a chilichonse m'chipindamo, ndipo telala kapena wogulitsa nsalu sangasankhe bwino mitundu pansi pake. Otuwa ndi ofiirira amakhala bwino pakhonde, pamene cholinga ndi mthunzi. M'chipinda chogwiriramo ntchito, woyera ngati mkaka ndi wovuta kuuposa.

Mbali ya denga nayonso ndi yofunika kuiganizira. Ya kumadzulo ndiyo yoipitsitsa, chifukwa imalandira dzuwa lamadzulo nyumba itatentha kale kuyambira m'mawa. Ya kumwera imalandira dzuwa lochepa pachaka chonse, popeza miyezi yambiri dzuwa limadutsa chakumpoto kwathu, ngakhale padenga logona kusiyanako sikukhala kwakukulu. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, nzeru yabwino ndi kusaboola denga n'komwe. Lata lowala likhoza kuimikidwa chilili kumtunda kwa khoma, kunsi kwa chipupa cha denga, kumpoto kapena kumwera. Dzuwa la masana, lokhala pamwamba, silimaliomba mwachindunji, kuwala kwa kuthambo kumalowabe, ndipo nkhani ya kudontha imatheratu. N'zomvetsa chisoni kuti njira yosavutayi sionekaoneka, chonsecho ndi imene ingathandize makalasi ndi zigayo zambiri za kuchigwa. Kulikonse kumene lata laikidwa, mpweya wotentha umafuna potulukira pamwamba, kaya ndi njerwa zamabowo kumtunda kwa khoma kapena liji yopumira.

Podula, sowo ya mano ang'onoang'ono kapena sizasi ya malata imachita bwino, lata litagonekedwa pathabwa kuti lisanjenjemere. Mwala wa gilayinda wodulira chitsulo umasungunula pulasitiki n'kusiya m'mphepete mokhakhala. Malata akafika pamalo a ntchito asaunjikidwe padzuwa, pakuti kutentha kumatsekeredwa pakati pawo ndipo amapindika asanakwere n'komwe padenga. Pochapa, madzi ofunda, sopo wamba ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Bulashi yolimba kapena mchenga zimapala kansalu koteteza kaja.

Chinthu chimodzi sichifuna kunyengerera: lata lowala silipondedwa. Likakalamba n'kukutidwa ndi fumbi limafanana ndi anzake achitsulo, ndipo munthu wokwera kukakonza dishi kapena kukayanika chimanga amatha kuliponda osadziwa n'kugwera m'nyumba. Mmisiri ayale thabwa lodutsa pamatabwa a denga awiri kapena atatu n'kupondapo, ndipo a m'nyumba onse, ana omwe, adziwe pamene pali latalo.

Nanga amene denga lawo layamba kale kung'aluka? Ngati ming'alu ili yaifupi ndipo lata silinachite chikasu, likhoza kupulumuka. Misomali imazulidwa mosamala, thabwa litayalidwa kunsi kwa hamala kuti lata lisaphwanyike. Kumapeto kwenikweni kwa mng'alu uliwonse kumabooledwa kabowo ka mamilimita atatu, kamene kamaletsa mng'aluwo kupitirira, kenako n'kutsekedwa ndi silikoni woyenera. Mabowo akale amakulitsidwa kufika mamilimita 10, ndipo m'malo mwa misomali mumalowa masikuluwu a timphira totambalala. Ngati chipinda chikutentha chifukwa malata oonekera mbee anachuluka, neti yamthunzi ija ya m'malo ofesera mbande, yomangidwa masentimita angapo pamwamba pa lata, imathandiza kuposa nsalu yopachikidwa m'kati, chifukwa imatsekereza dzuwa lisanalowe. Koma lata limene lachita chikasu lonse, lomwe m'mphepete mwake mumathetheka munthu akangopinda ndi zala, latha ntchito, ndipo ndalama za silikoni ndi bwino kuzisungira lata latsopano mvula yoyamba ya mu Novembala isanagwe.